Chikole chachikulu sichilipira chiwongoladzanja

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa eni makampani apakatikati a ku Salima ndi ku Nkhotakota, makamaka amene ali ndi zigayo za mpunga, malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, kapena magalimoto onyamula katundu. Dandaulolo ndi lakuti munthu amapita kubanki atanyamula chikalata cha malo a mtengo woposa kawiri kapena katatu ndalama zimene akupempha, koma banki n'kumukaniza, apo ayi n'kumupatsa kachigawo chabe. Ambiri akabwerako amati pali kukondera, ena amati mabanki amangofuna kubwereketsa boma. Zakubwereketsa bomazo zili ndi choonadi chake, koma pa funso lakuti kampani inayake ingathe kusenza ngongole ina kapena ayi, maganizo anga ndi akuti banki nthawi zambiri imakhala ikulondola, chifukwa mwini kampani amayang'ana kukula kwa chuma chake pamene banki imayang'ana kumene ndalama yolipirira chiwongoladzanja idzachokere mwezi ndi mwezi.

Wobwereketsa akatsegula mabuku a kampani amayamba ndi ziwerengero ziwiri. Choyamba ndi chimene a m'mabanki amachitcha giyaring'i, ndipo chimafanizira ngongole zonse zokhala ndi chiwongoladzanja ndi mpamba wa eni kampani, kutanthauza ndalama zimene eniwo anaikamo pamodzi ndi phindu limene anasiya m'kampanimo osagawana. Chachiwiri ndi intaresiti kava, kapena kuti kava mwachidule, ndipo chimapezeka pogawa phindu la pachaka, lisanachotsedwe chiwongoladzanja ndi msonkho, ndi chiwongoladzanja chimene kampani imalipira m'chakacho. Giyaring'i imauza banki kuti zinthu zikavuta ndi ndalama za ndani zimene zidzayambe kutha, pamene kava imaiuza kuti phindu lingatsike motani kampani isanayambe kulephera kulipira.

Kuti zimveke, tiyerekeze kampani ya banja lina ku Nkhotakota imene imagula mpunga kwa alimi a kumadambo a mtsinje wa Bua, n'kuupuntha, kuulongedza m'matumba ndi kukaugulitsa ku Lilongwe. Ziwerengero zake ndazikonza kuti zikhale zosavuta kutsata. Mpamba wa eni ake ndi K400 miliyoni, ndipo ili ndi ngongole ya K200 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti, choncho imalipira K60 miliyoni pachaka. Phindu lake lisanachotsedwe chiwongoladzanja ndi msonkho ndi K180 miliyoni. Ngongole ndi theka la mpamba wa eni, kutanthauza giyaring'i ya 50 peresenti, ndipo phindu likukwanira chiwongoladzanja katatu, kutanthauza kava ya 3. Kampani yotereyi banki iliyonse ingailandire ndi manja awiri, chifukwa ngakhale phindu litatsika ndi theka, chiwongoladzanja chikhoza kulipidwabe.

Tsopano eni ake akufuna K300 miliyoni ina yomangira shedi yosungiramo mpunga ndi kugula makina atsopano opunthira, ndipo akuyembekeza kuti zimenezi zidzawonjezera phindu la K100 miliyoni pachaka. Ngongole yonse ifika pa K500 miliyoni, kupitirira mpamba wa eni, ndipo giyaring'i ikwera kufika pa 125 peresenti. Chiwongoladzanja chapachaka chifika pa K150 miliyoni. Zonse zikayenda monga momwe eniwo akulotera, phindu la K280 miliyoni lidzakwanira chiwongoladzanjacho kosafika kawiri, pafupifupi 1.9. Koma shedi simangidwa tsiku limodzi, ndipo makina ochokera kunja amachedwa podikira ndalama zakunja, pamene chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku limene ndalama yatuluka kubanki. M'chaka choyamba, ngati phindu likhala lomwe lija la K180 miliyoni, kava itsika kuchoka pa 3 kufika pa 1.2, ndiye kuti pa K6 iliyonse imene kampani yapindula, K5 ikupita kubanki.

Apa ndi pamene mwini kampani amatulutsa chimene amachiona ngati yankho lomaliza. Malo amene pali chigayo anagulidwa kalekale pa mtengo wotsika, ndipo akatswiri oyeza mtengo wa malo akabwera lero akhoza kunena kuti mtengo wake wakwera ndi K350 miliyoni. Ndalama imeneyi ikalembedwa m'mabuku, mpamba wa eni umafika pa K750 miliyoni, ndipo giyaring'i imatsika kuchoka pa 125 kufika cha pa 67 peresenti popanda tambala imodzi yolowa m'kampani. Palibe chinyengo pamenepa, malamulo a kasungidwe ka mabuku amalola. Komabe kava yakhala pomwe inali, chifukwa kukwera mtengo kwa malo sikunapunthe thumba limodzi la mpunga, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wamawa sichingalipidwe ndi chikalata. N'chifukwa chake obwereketsa ambiri amachotsa kaye phindu la papepala lotereli asanawerengere giyaring'i, ndipo ine ndimaona kuti amachita bwino. Chikole chimayankha funso la chimene banki idzapeze ikalanda katundu, koma banki sifuna kulanda, pakuti kugulitsa chigayo cha kumudzi kudzera m'makhothi kumatenga nthawi yaitali, ogula amakhala ochepa, ndipo mtengo umene umapezeka pa malonda okakamiza umakhala wotsika kuposa umene oyeza aja analemba.

Chinthu chimene ndikuona kuti sichinenedwa mokwanira ndi chakuti ziwerengero ziwirizi zimalumikizidwa ndi mtengo wa ngongole, ndipo kuno kwathu mtengowo ndi wokwera kwambiri moti malangizo a m'mabuku ophunzirira akhoza kusocheretsa munthu. Mabuku ambiri amanena kuti ngongole yofanana ndi mpamba wa eni, kapena yoposerako pang'ono, si yoopsa. Mawu amenewa ndi oona m'mayiko amene kampani imabwereka pa 6 peresenti, kumene K500 miliyoni yathu ija ikanafuna K30 miliyoni yokha pachaka ndipo pa phindu la K280 miliyoni kava ikanapitirira 9. Kuno Banki Yaikulu inakweza mulingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 24 peresenti mu Julaye 2023, kenako pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo mabanki amabwereketsa makampani powonjezera gawo lawo pamwamba pa mulingo wina umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi. Pa mitengo yotereyi, giyaring'i imene kwina imaoneka yabwinobwino imakhala itadya kale phindu lonse. Choncho funso lakuti giyaring'i yabwino ndi iti lilibe yankho mpaka munthu atanena chiwongoladzanja chimene akubwerekera.

Mwini kampani yathuyi akanayeneranso kudzifunsa funso limene banki simufunsa, la chimene iye mwini akupeza pa ngongoleyi. K300 miliyoni imene ikubweretsa K100 miliyoni pachaka ikupindula cha pa 33 peresenti, pamene yabwerekedwa pa 30 peresenti. Akalipira K90 miliyoni ya chiwongoladzanja chatsopano amatsala ndi K10 miliyoni, msonkho asanachotse. Kuika pachiwopsezo malo a banja, chigayo chakale ndi dzina la kampani chifukwa cha K10 miliyoni pachaka si malonda anzeru, ndipo banki imene yamukaniza yamuchitira chifundo chimene iye sangachizindikire tsiku limenelo.

Wobwereketsa wodziwa ntchito yake saima pa ziwerengero za chaka chabwino. Amatenga phindu lija n'kulitsitsa dala, amatenga chiwongoladzanja n'kuchikweza, kuti aone ngati kampani ingaimebe. Zimenezi si nkhanza, chifukwa aliyense wa kuno akudziwa kuti madzi osefukira ngati amene anawononga minda ndi nyumba cha ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 akhoza kuchepetsa mpunga wobwera kuchigayo, kuti kuzimazima kwa magetsi kumakakamiza kugwiritsa ntchito jenereta ya dizilo, komanso kuti ngongole zambiri za makampani zili pa chiwongoladzanja chimene chimasintha mulingo ukasintha. Phindu la K280 miliyoni likatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi lifika pa K210 miliyoni, ndipo chiwongoladzanja chikakwera kufika pa 34 peresenti banki ifuna K170 miliyoni. Kava yatsikanso kufika cha pa 1.2, ndipo palibe tsoka lalikulu limene lachitika, changokhala chaka chovutirapo basi. Asodzi a ku Senga Bay sayeza katundu wa m'bwato nyanja ili bata, amayeza poganizira mwera, ndipo mpata umene amasiya pakati pa madzi ndi milomo ya bwato ndiwo ntchito imene kava ya 2 kapena 3 imagwira.

Kava nayo ili ndi chilema chachikulu, ndipo amene amaidalira yokha amalakwitsa mofanana ndi amene amadalira chikole. Imangoona chiwongoladzanja, osaona kuti ngongole yeniyeniyo iyeneranso kubwezedwa. K300 miliyoni yobwezedwa m'zaka zisanu imafuna K60 miliyoni pachaka pamwamba pa chiwongoladzanja. N'chifukwa chake mabanki amawerengeranso chiwerengero chachitatu, chimene m'makalata a ngongole chimalembedwa kuti DSCR, chofanizira ndalama zenizeni zimene kampani imatsala nazo ndi zonse zimene iyenera kupereka kubanki m'chakacho. Pa kampani yathu, tikabwezera pa phindu K40 miliyoni imene inachotsedwa m'mabuku chifukwa cha kutha kwa makina koma sinatuluke m'thumba, n'kuchotsa msonkho wa makampani wa 30 peresenti, m'chaka chabwino imatsala ndi ndalama zokwana cha pa K280 miliyoni poyerekeza ndi K210 miliyoni yofunika kubanki. M'chaka chovuta chija imatsala ndi K238 miliyoni poyerekeza ndi K230 miliyoni. Mpata wa K8 miliyoni ukhoza kutha ndi kuwonongeka kwa injini imodzi kapena kuchedwa kulipira kwa wogula wamkulu mmodzi.

Pali mfundo imodzi yotsutsa zonsezi imene ndimailemekeza, ndipo eni makampani ochenjera amaidziwa. Pamene mitengo ya zinthu ikukwera ndi 30 peresenti pachaka kapena kuposerapo, monga zinalili chakumapeto kwa 2023 ndi m'miyezi yambiri ya 2024, munthu wobwereka pa 30 peresenti amabweza ndalama zimene mphamvu yake yachepa kwambiri, pamene shedi imene wamanga ikukwera mtengo. Mwanjira ina, gawo lalikulu la chimene chimatchedwa chiwongoladzanja limakhala likungobwezera banki mphamvu ya ndalama imene yatayika, ndipo kava imaonetsa kampani ngati yofooka kuposa momwe ilili. Zimenezi n'zoona, ndipo ambiri amene anamanga ndi ngongole zaka zapitazo apindula nazo. Vuto lake ndi lakuti phindu limeneli limaoneka patapita zaka, pamene banki imadula ndalama zake pa akaunti mwezi uliwonse, choncho amene amadya phindulo ndi yekhayo amene sanagwe panjira.

Kukwera mitengoko kumanamizanso mbali inayo ya kava, mbali ya phindu. Kampani imene yagula mpunga mu Juni ndi Julaye, alimi akungokolola kumene, n'kuugulitsa mu Januwale ndi Febuluwale mitengo itakwera, imalemba phindu lalikulu m'mabuku. Koma chaka chotsatira, kuti igule matumba omwewo, imafuna ndalama zambiri kuposa za chaka chatha, ndipo gawo lina la phindu lija limabwerera m'matumba a mpunga lisanafike kubanki. Wobwereketsa wosamala amafunsa kuti pa phindu limene lalembedwa, lochokera ku kupuntha ndi kulongedza ndi lingati, ndipo lochokera ku kungosunga mpunga mitengo ikukwera ndi lingati, chifukwa lachiwirilo likhoza kusanduka kuluza chaka chimene mitengo yaima.

Nyengo ya mpunga imasokonezanso giyaring'i mwanjira imene eni makampani ena amaigwiritsa ntchito mwadala. Giyaring'i imawerengedwa pa tsiku limodzi, tsiku lotseka mabuku. Kampani imene imatseka mabuku kumapeto kwa Malichi, mpunga utagulitsidwa ndipo ovadirafuti, ngongole yotapa ndalama zoposa zimene zili pa akaunti, itatsala pang'ono kutha, imaoneka yopanda ngongole zambiri, pamene mu Ogasiti, shedi itadzaza, ngongole imakhala pachimake. Njira yodziwira ndi yosavuta, ndipo aliyense wowerenga mabuku a kampani ayenera kuidziwa: amagawa chiwongoladzanja chimene chalipidwa m'chakacho ndi ngongole imene yalembedwa. Mabuku akaonetsa ngongole ya K80 miliyoni koma chiwongoladzanja cha K60 miliyoni, ndiye kuti kampani ikulipira 75 peresenti, zimene palibe banki imene imalipiritsa. Yankho lake ndi lakuti ngongole yeniyeni m'kati mwa chaka inali pafupifupi K200 miliyoni, apo ayi pali ngongole ya katapila imene sinatchulidwe. Apa chiwongoladzanja chimaulula chimene giyaring'i yabisa, ndipo n'chifukwa chake banki imapempha masitetimenti a akaunti a miyezi yambiri m'malo mokhutira ndi mabuku apachaka okha.

Zina zimene banki imawonjezera pa ngongole ngakhale mwini sazitcha ngongole ndi magalimoto otengedwa pa lizi, ndalama zimene kampani inalonjeza kulipira ngati kampani ina ya banja lomwelo italephera, ndi msonkho umene unadutsa nthawi. Ngongole ya m'madola imafuna kusamala kwapadera. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kampani imene inali ndi ngongole ya makina m'madola koma imagulitsa m'makwacha inadzuka ngongole yake itakula ndi gawo lomwelo, chiwongoladzanja chakenso chitakula, popanda kubwereka kalikonse. Mbali inayo, ndalama zimene mwini kampani anabwereketsa kampani yake zikhoza kuwerengedwa ngati mpamba, malinga asayine kuti sadzazitenga banki isanalipidwe.

Pamene ndimasiyana ndi mabanki ndi pa kaumbidwe ka ngongoleyo. Nthawi zambiri kava yofooka imatengedwa ngati chifukwa chokanira pempho lonse, m'malo moligawa m'zigawo zake. Ndalama yogulira mpunga ndi yosiyana ndi ndalama yomangira shedi. Yoyamba imabwerera yokha mpunga ukagulitsidwa m'miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi, ndipo mpungawo ukhoza kukhala chikole chake, pakuti lamulo la 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika linatsegula njira yolembetsera chikole chotere. Ngongole imeneyi iyenera kuyezedwa poona kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, kasungidwe ka mpunga, ndi ogula amene alipo, ndipo kubweza kwake kuyenera kugwera m'miyezi yogulitsa. Kuuza kampani ya mpunga kuti izibweza ndalama yofanana mwezi uliwonse, kuphatikizapo Julaye pamene tambala iliyonse ili m'manja mwa alimi, ndi kupanga vuto limene kava ya pachaka sinalione. Cholakwika chofanana nacho ndi kulola kuti shedi ya zaka makumi awiri imangidwe ndi ovadirafuti imene banki ikhoza kuiitanitsa nthawi iliyonse. Pamenepa mlandu ndi wa onse awiri, koma banki ndiyo ili ndi akatswiri.

Sindikhutiranso ndi momwe mfundo za m'mgwirizano wa ngongole zimafotokozedwera kwa obwereka. Mgwirizano umatha kunena kuti kava isatsike pansi pa 2, kuti giyaring'i isapitirire mulingo wakuti, ndiponso kuti eni asagawane phindu popanda chilolezo. Kuphwanya imodzi mwa mfundo zimenezi kumapatsa banki mphamvu yokweza chiwongoladzanja kapena kuitanitsa ngongole yonse, ngakhale kampani isanaphonye kulipira mwezi ndi umodzi womwe. Eni makampani ambiri amasayina akuganiza kuti bola azilipira pa nthawi yake, ndipo amadzadabwa kalata ikafika. Mfundo yotereyi iyenera kuwerengedwa mokweza pa tebulo, ndi ziwerengero za kampaniyo, munthu asanagwire cholembera.

Nanga kampani yathu ya ku Nkhotakota ingasenze zingati? Kuwerengera kwake kumayambira ku phindu n'kubwerera m'mbuyo, osati ku chikole. Ngati banki ikufuna kava yosachepera 2 pa phindu limene lilipo kale la K180 miliyoni, chiwongoladzanja chonse chisapitirire K90 miliyoni pachaka, ndipo pa 30 peresenti imeneyi ndi ngongole ya K300 miliyoni. Kampani ili kale ndi K200 miliyoni, choncho mpata umene watsala ndi K100 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene eni amapempha, ndipo giyaring'i ikhala pa 75 peresenti popanda kukweza mtengo wa malo m'mabuku. Ndi ndalama imeneyi akhoza kuyamba ndi makina, amene amabweretsa phindu msanga kuposa shedi, n'kupitiriza kuchita lendi malo osungiramo mpunga kwa nyengo ziwiri. K200 miliyoni yotsalayo iyenera kuchokera ku phindu limene eni asiya osagawana, ku kugulitsa malo ena amene sakugwira ntchito, kapena kwa munthu wina wolowetsa mpamba wake n'kutenga gawo la umwini, chinthu chimene mabanja ambiri kuno sachifuna chifukwa choopa kulamulidwa ndi mlendo. Makina aja akakweza phindu kufika pa K230 miliyoni, kuwerengera komweko kudzalola chiwongoladzanja cha K115 miliyoni, kutanthauza ngongole yonse ya cha pa K380 miliyoni ngati mtengo wobwerekera ukhala pomwepo, ndipo ukatsika kufika pa 25 peresenti, phindu lomwelo lidzasenza K460 miliyoni.